Kumoka mazeze: mwambo umathera pati, nkhanza imayambira pati?

Kumayambiriro kwa chaka, pasiteshoni ya mabasi ku Chipata pamadzaza mathiranki achitsulo, matiresi omangidwa ndi chingwe, ndi ana ometa mwatsopano. Ena akupita ku Chassa, ena ku Katete, ku Chadiza, ku Petauke, ena mpaka ku Lundazi, pomwe a ku Chizongwe ndi ku St. Monica's angokwera takisi m'tauni momwemo. Ambiri ali ndi zaka 13 kapena 14, ndipo aka n'koyamba kugona kutali ndi amayi awo. Makolo amawalangiza za kulimbikira sukulu, za kusamala ndalama, za kupewa magulu oipa. Koma za usiku wa m'domitale ambiri sanena kanthu. Akanena, amangoti, "Akakumoka pang'ono, usakalire. Ndi mwambo, nafenso tinadutsamo."

Sindikuloza chala sukulu iliyonse mwa zimenezi. Nkhaniyi ndi ya maboding'i onse, a boma, a mishoni ndi a anthu wamba, ndipo imafika mpaka kumakoleji. Mwana watsopano anzake amamutcha zeze. Kale anali wa Giredi 8, koma kuyambira 2025 dzina la Fomu 1 linabwerera, ndipo wobwera kuchokera kusukulu ina pakati pa njira naye salephera kulawako. Ku yunivesite ya UNZA a chaka choyamba amawatcha matusa. Zimene amawachita, zomwe zimatchedwa kumoka, zimayambira pa kuwaimbitsa nyimbo ndi kuwapatsa mayina oseketsa, n'kufika pa kuwachapitsa zovala, kuwalanda chakudya, kuwamenya ndi lamba, ndipo nthawi zina kuwavula ndi kuwagwira malo obisika. Tate amene akuti "nafenso tinadutsamo" mwina akukumbukira nyimbo ija. Mwana wake mwina akukumana ndi lamba. Onse awiri akuganiza kuti akukamba chinthu chimodzi, ndipo n'chifukwa chake mwanayo akadandaula samveka.

Kodi ndi mwambo wa yani?

Sukulu yogonera komweko, yokhala ndi mahausi, mapurifekiti ndi belu lozimitsira magetsi, inabwera ndi amishoni ndi boma la atsamunda, ndipo chitsanzo chake chinali masukulu a ana a anthu olemera a ku Britain. M'masukulu amenewo munali dongosolo lovomerezeka loti mwana wamng'ono azitumikira wamkulu. Ankamupukutira nsapato, kumufulira tiyi, kumusesera chipinda, ndipo akalakwitsa wamkuluyo anali ndi chilolezo chomukwapula. Eni akewo anazisiya, makamaka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kumene Britain inalamulira, mbewuyo inamera mosiyanasiyana. Ku India inakula mpaka mu 2009 wophunzira udokotala wa chaka choyamba, Aman Kachroo, anafa atamenyedwa ndi akuluakulu a pakoleji yake, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa malamulo okhwima oletsa mchitidwewu m'makoleji onse a dzikolo.

Choncho mnyamata wa Giredi 12 akamanena kuti kumoka ndi mwambo, sakunena za mwambo wa Achewa, wa Angoni kapena wa Ansenga. Kwathu mlendo ndi mame. Amapatsidwa mpando, madzi osamba, ndipo nkhuku imafa chifukwa cha iye. Palibe mudzi kuno kum'mawa umene umalandira mlendo pomulanda kamba wake.

Komabe anyamatawa sakunama kotheratu, chifukwa kumoka kunabwereka maonekedwe a chinamwali. Katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, Arnold van Gennep, analemba mu 1909 kuti miyambo yolowetsa munthu m'gulu latsopano, kulikonse padziko, imayenda magawo atatu. Poyamba munthuyo amachotsedwa pakati pa abale ake. Kenako amakhala pakatikati, salinso mwana koma sanakhale wamkulu, ndipo apa amachepetsedwa ndi kulangizidwa. Pomaliza amatulutsidwa n'kulandiridwa ngati munthu watsopano. Zeze naye wachotsedwa kwawo, wametedwa, wapatsidwa dzina lina, ndipo m'masukulu ena pamakhala tsiku loti "amudule mchira" kuti akhale munthu. Kufanana kumeneku n'kumene kumasokoneza anthu, ndiye ndi bwino kuyang'anitsitsa chinamwali chenicheni kuti tione chimene kumoka kunasiya.

Mtsikana akatha msinkhu m'mudzi wa Achewa, sagwidwa ndi anzake usiku. Amayi ake amauza akuluakulu, nkhani imafika kwa mfumu, ndipo si mfumu iliyonse imene ili ndi mphamvu yochititsa chinamwali koma mwini mzinda. Olangiza ndi anamkungwi, anthu achikulire odziwika mayina, amene mawa lake mudzakumana nawo pachitsime. Namwali aliyense amakhala ndi phungu wake, munthu amene ntchito yake ndi kukhala mbali ya namwaliyo, kumuyang'anira, kuona kuti wadya, ndi kumuyankhira. Mnyamata wolowa gule nayenso amakhala ndi phungu. Masiku ake amadziwika, tsiku lotuluka limadziwika, ndipo potuluka mudzi umasonkhana, anthu n'kumufupa. Chimene waphunzira chimatchulika: ulemu kwa akulu, kudzisamalira, khalidwe la pamaliro, udindo wa munthu wamkulu.

Sindikunena kuti kuchinamwali kulibe nkhanza. Zakhalapo, ndipo zina zoopsa: anyamata kugwidwa mokakamiza, ana kujomba sukulu temu yonse, ndi mchitidwe wa fisi umene wawononga atsikana ambiri. Koma taonani mmene zinthu zimenezi zikulimbanirana nazo. Mafumu a Achewa, motsogozedwa ndi Kalonga Gawa Undi, akhala akulamula kuti chinamwali ndi gule zisasokoneze sukulu ndiponso kuti miyambo yovulaza ana ithe. Lamulo lotere limatheka chifukwa mwambowo uli ndi mwini wake. Pali munthu woti mukamudandaulire, pali woti aitanidwe kubwalo, pali amene angathe kunena kuti "ichi chithe" ndipo anthu n'kumumvera.

Kumoka kulibe mwini. Kulibe namkungwi, kulibe phungu, makolo sanapemphedwe, ndipo palibe amene angakuuzeni phunziro lake kupatula mawu oti "adziwe malo ake". Wolamula ndi mwana wa zaka 17 kapena 18, usiku, chitseko chili chotseka, ndipo malire ake ndi mmene mtima wake ulili tsiku limenelo. Apa ndi pamene ine ndimaika malire. Kuwawa kokha sikukwanira kutiuza, chifukwa kuthamanga mtunda wautali patsiku la masewera kumawawanso. Chofunsa n'chakuti, kodi pali munthu wamkulu wodziwika amene akuona ndipo adzayankha mlandu zikavuta? Nanga mwanayo akati "ayi", chimamuchitikira n'chiyani?

Temu yoyamba ya mnyamata mmodzi

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 13, wochokera kumudzi, amene wafika paboding'i ya anyamata. Tiyende naye mlungu ndi mlungu, chifukwa zinthuzi sizibwera tsiku limodzi.

Loweruka loyamba madzulo mazeze onse aitanidwa kuholo. Aliyense anene dzina, mudzi ndi mfumu yake, kenako aimbe nyimbo kapena avine. Magetsi akuyaka, aphunzitsi oyang'anira boding'i akhala kumbuyo. Mnyamata wathu waimba nyimbo ya kutchalitchi mawu akunjenjemera, anthu aseka, amuombera m'manja, ndipo dzina latsopano lamumatirira. Mnzake wamanyazi wakana kuimba, anthu akuwa pang'ono, n'kupita kwa wotsatira. Ichi ndingachitche mwambo wa pasukulu popanda kuchita manyazi. Onse achita chimodzimodzi, zachitika poyera, wokana sanalipire kanthu, ndipo pofika nthawi yogona zatha.

Mlungu wachiwiri mnyamata wa Giredi 12 wamusankha kuti akhale "mwana wake". M'mawa uliwonse azimutungira ndowa ya madzi osamba, azimuyalira bedi, Loweruka azimuchapira masokosi ndi yunifolomu. Iyeyo akuti azimuteteza kwa ena. Apa mpamene makolo ambiri amagwa mphwayi, poti kwathu mwana amatumidwa ndi wamkulu aliyense, ndipo kutunga madzi si chilango. N'zoona. Pali akuluakulu ena amene amasamaladi ana awo a pasukulu, kuwathandiza masamu, kuwagawira sopo akawathera. Koma chitetezo chimenechi chifunsidwe bwino: akumuteteza kwa yani? Ngati yankho lake ndi "kwa ine ndi anzanga", ndiye kuti mwanayo akulipira msonkho kuti asamenyedwe. Chimaonekera tsiku limene wadwala, kapena ali ndi mayeso, n'kunena kuti, "Akulu, lero sindikwanitsa." Wina amayankha kuti "chabwino, pumula". Wina amati "tionana usiku".

Mlungu wachitatu thiranki yatsegulidwa. Munali shuga wa makilogalamu awiri, nshawa zokazinga, chiwaya, kabotolo ka mafuta odzola, ndi K100 imene amayi ake anapeza atagulitsa nkhuku. Zatengedwa ngati "za akulu". Palibe chovuta kumvetsa pamenepa. Kumeneku ndi kuba, ndipo kukachitika moopseza ndi mlandu waukulu kuposa kuba wamba. Zotsatira zake sizichedwa. Nsima ya kudayining'i ndi nyemba kapena soya sizikhutitsa mwana amene akukula, makamaka ngati wamkulu uja akutapanso ndiwo m'mbale yake. Mwanayo amayamba kuwodzera m'kalasi ndi kuprepu, ndipo aphunzitsi amalemba kuti ndi waulesi.

Mlungu wachinayi wayesa kukana. Wabisa ndalama imene amalume ake anamutumizira, ndipo zadziwika. Magetsi atazima akumudzutsa kuti kuli khoti. Amuimika pakati pa mabedi, ena agwira tochi, mmodzi waima pakhomo kuyang'ana alonda. Chigamulo chake ndi kulumpha ngati chule atagwira makutu, kuchokera kukhomo mpaka kumapeto kwa domitale n'kubwerera, mobwerezabwereza, kenako kunjuta ndi kudzuka kambirimbiri, ndipo akagwa lamba akutera pantchafu ndi pamsana. Mazeze anzake adzutsidwa kuti aonerere. Cholinga cha kuwadzutsako n'choti phunziro lifike kwa onse, ndiponso kuti aliyense akhale ndi mbali yake pamlanduwo, asadzaulule.

Ndikufuna kuchedwa pa zimene zimachitika m'thupi la mwanayu, chifukwa anyamata ochita izi amakhulupirira kuti popeza sanatulutse magazi, sanavulaze munthu. Minofu ikagwiritsidwa ntchito kupyola mphamvu yake, kapena ikamenyedwa kwambiri pamalo a mnofu wochuluka ngati ntchafu ndi matako, imaphwanyika mkati. Zimene zinali m'minofumo zimatayikira m'magazi, ndipo impso, pofuna kuzisefa, zimatsekeka. Madokotala amati rabudomayolisisi. Sizioneka usiku womwewo. Pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, ntchafu zimatupa n'kulimba, mwana amalephera kukwera masitepe kapena kunjuta kuchimbudzi, ndipo mkodzo umasanduka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Kenako umayamba kuchepa. Kutentha kwa mu Okutobala ndi kusamwa madzi okwanira kumawonjezera ngoziyo.

Vuto ndi lakuti kuno kwathu mkodzo wakuda kapena wofiira timauganizira malungo kapena likodzo. Mwanayo akapita kwa anesi a pasukulu sanena za khoti ija, amangoti thupi likuphwanya. Amapatsidwa panado n'kuuzidwa kuti akagone. Mnzake wachifundo akamupatsa burufeni ndiye zaipiratu, popeza mankhwala a mtundu umenewo amalemetsanso impso zimene zayamba kale kuvutika. Chofunika ndi kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo, kumene angamuyeze magazi ndi mkodzo ndi kumuika madiripu ambiri kuti impso zitsukike. Akafika msanga, ambiri amachira bwinobwino. Akachedwa, impso zimatha kuima mpaka kufunika makina osefera magazi. Ndipo dokotala auzidwe zoona, kuti mwana analumphitsidwa ndi kumenyedwa, apo ayi nayenso ayamba kufufuza malungo nthawi n'kumapita.

Pali ngozi zina ziwiri zimene zimabisala chimodzimodzi. Mwana amene wadwaladwala malungo amatha kukhala ndi kapamba wotupa, ndipo chibakera kapena chidendene chimodzi chakumanzere, pansi pa nthiti, chingathe kumuphulitsa. Magazi amatayikira m'mimba osaoneka kunja. Mwana amatuwa, amachita thukuta lozizira, mtima umathamanga, amamva chizungulire akaimirira, ndipo nthawi zina amadandaula phewa lakumanzere. Inayo ndi ya kumutu. Womenyetsedwa mutu kukhoma kapena pachitsulo cha bedi angathe kudzuka, kulankhula bwino, n'kukagona, magazi akuunjikana pang'onopang'ono mkati mwa chigaza. Kusanza, mutu wowawa mowonjezereka, kusokonezeka ndi tulo tovuta kudzutsa ndi zizindikiro zoti galimoto ipezeke usiku womwewo. Onjezanipo kuti woweruza khoti ya m'domitale sadziwa kuti mwa ana amene wawaimika, ndani ali ndi mphumu, khunyu kapena sikoselo. Phungu wa kuchinamwali amamudziwa namwali wake ndi banja lake lomwe. Uyu sadziwa ngakhale dzina lenileni la zeze wakeyo.

Kumaboding'i a atsikana lamba samveka kwambiri, koma nkhanza siichepa. Kumakhala kuchapitsa zovala zamkati za wamkulu, kunyoza thupi la mwana pamaso pa anzake kubafa, kumuseka chifukwa cha msambo, kapena kulamula domitale yonse kuti isamulankhule. Izi sizisiya chipsera choti matroni aone, ndipo n'chifukwa chake zimatha kupitirira chaka chathunthu.

Chifukwa chake sizikutha

Chodabwitsa n'chakuti amene anazunzidwa kwambiri ndi amene nthawi zambiri amauteteza mchitidwewu. Mu 1959 akatswiri awiri a maganizo a anthu ku America, Elliot Aronson ndi Judson Mills, anayesa zimenezi. Anatenga ophunzira aakazi a pakoleji amene ankafuna kulowa m'kagulu kokambirana. Ena anawalowetsa mosavuta, ena anayamba awachititsa manyazi kwambiri. Kenako onse anamvetsera zokambirana zomwezo, zimene zinakonzedwa dala kuti zikhale zotopetsa. Amene anavutika polowa ndi amene anati kaguluko n'kosangalatsa. Mtima wa munthu sufuna kuvomera kuti unavutikira chabe, ndiye umakweza mtengo wa chimene unavutikiracho. Bambo wa zaka 45 amene akuti "mokari inatilimbitsa" sakunama dala. Koma amene analimba ndi okhawo amene akulankhula. Amene anathawa sukulu temu yachiwiri, n'kubwerera kumudzi kukaweta ng'ombe, sabwera kumisonkhano ya ophunzira akale.

Palinso nkhani ya ngongole. Zeze wa chaka chino amapirira podziwa kuti chaka chamawa adzakhala ndi wake. Kumuuza kuti mchitidwewu watha kuli ngati kumuuza kuti analipira koma sadzalandira. Ndiye gulu lovuta kwambiri pofuna kuthetsa kumoka si la Giredi 12, koma la amene angochoka kumene pauzeze. Sukulu imene ikufunadi kusintha iyenera kugwira ntchito ndi gulu limeneli zaka ziwiri kapena zitatu motsatizana, mpaka pasukulupo pasakhalenso mwana amene akuona kuti ali ndi choti abweze.

Chachitatu chimakhudza ife akuluakulu. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 ana achuluka m'masukulu, zimene ndi zabwino, koma maso owayang'anira usiku ndi ochepa. Aphunzitsi a boding'i ali ndi makalasi awo masana ndi banja lawo usiku, ndipo nyumba yawo ili patali ndi domitale. Ulamuliro wa usiku umasiyidwa m'manja mwa mapurifekiti. Purifekiti akakhala ndi mphamvu yopereka chilango popanda wolemba kapena womufunsa, malire a chilango ndi kumoka amafufutika. Mwana akakadandaula, nkhani imabwerera kwa purifekiti yemweyo kuti "akaikonze", ndipo usiku umenewo wodandaulayo amalandira kawiri.

Mwanayo amathanso kusadziwa kuti akuzunzidwa. Kafukufuku wamkulu amene Elizabeth Allan ndi Mary Madden a ku yunivesite ya Maine anatulutsa mu 2008, atafunsa ophunzira oposa 11,000 a m'makoleji a ku America, anapeza kuti oposa theka la amene anali m'magulu ndi m'matimu anakumanapo ndi mchitidwewu. Mwa amene anachitidwa zimenezi, 9 pa 10 alionse sankaona kuti anazunzidwa. Ziwerengerozi ndi za ku America, koma phunziro lake likutikhudza. Mukafunsa mwana kuti "kodi akukuzunza?" adzati ayi, ndipo mwina akukhulupiriradi zimenezo.

Kukoleji anthu amati nkhani ndi ina, poti onse ndi akuluakulu ndipo munthu amavomera yekha. Koma kuvomera kwa munthu amene akudziwa kuti akakana sapeza bedi kuhositelo, kapena asalidwa zaka zitatu, n'kwapakamwa chabe. Kumeneko choopsa kwambiri ndi mowa. Watsopano amauzidwa kuti amalize botolo la kachasu kapena la mowa wina waukali nthawi imodzi. Mowa umapitiriza kulowa m'magazi ngakhale munthu atagwa kale, kotero womusiya kuti "agone, uthe" angamupeze m'mawa atatsamwa ndi masanzi kapena atasiya kupuma. Munthu amene sakudzuka mukamugwedeza, akupuma mwa apo ndi apo, kapena wazizira thupi, mugonekeni chammbali, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala. Atsikana a chaka choyamba amakumananso ndi akuluakulu amene amabwera ngati othandiza, kuwapezera malo ndi manotsi, kenako n'kufuna malipiro a thupi.

Lamulo likuti chiyani

Malamulo a dziko lino sasiya mpata woti "unali mwambo". Gawo 15 la malamulo aakulu a Zambia limaletsa kuzunza munthu kapena kumuchitira zomuchotsera ulemu, ndipo mu 1999, pamlandu wa John Banda, khoti lalikulu linagamula kuti chilango chokwapula chimaphwanya gawo limeneli. Lamulo la maphunziro la 2011, pagawo 28, limaletsa mphunzitsi, wantchito kapena munthu wina aliyense pasukulu kukwapula wophunzira kapena kumuchitira zankhanza ndi zonyazitsa, ndipo wolakwa angathe kulipitsidwa kapena kumangidwa mpaka chaka chimodzi. Ngati ahedi enieniwo alibe chilolezo chokwapula mwana, purifekiti angachitenge kuti? Kumenya munthu mpaka kumuvulaza ndi mlandu wofika zaka 5 m'ndende. Mu 2022 malamulo anaika zaka 12 ngati msinkhu woyambira kuyankha mlandu, choncho wa Giredi 12 sangabisale kumbuyo kwa yunifolomu, ngakhale kuti osakwana msinkhu milandu yawo imayenda m'njira ya ana. Zokhudza kugwirira kapena kugwira mwana malo obisika, kaya ndi mtsikana kapena mnyamata, si nkhani yokambirana muofesi ya ahedi n'kupepesana. Ndi ya apolisi.

Zimene kholo lingaone ndi kuchita

Ana ambiri sanena. Zimalankhula ndi zinthu zina. Grosale ya temu yonse yatha m'milungu iwiri. Mwana akupempha ndalama pafupipafupi kudzera pafoni ya aphunzitsi koma sakufotokoza bwino ntchito yake. Juzi, bulangete kapena nsapato "zasowa". Pofika holide wawonda, akudzidzimuka kutulo, mwina wayambanso kukodza pabedi, sakufuna kuvula malaya pamaso pa abale ake. Masiku otsegulira akayandikira, mutu ndi m'mimba zimayamba kuwawa. Amene anakhoza bwino Giredi 7 watsikira kumunsi kwa kalasi.

Pomufunsa, funsani zinthu zogwirika, muli awiri, mwina mukuyenda kapena mukutong'ola chimanga. "Kodi iwe, madzi osamba umatungira anthu angati m'mawa?" "Kiyi wa thiranki yako amasunga ndani?" "Magetsi akazima, chimachitika n'chiyani m'domitale mwanu?" "Pali amene anadzutsidwapo usiku?" Funso lomalizali limathandiza chifukwa mwana amayamba kufotokoza za mnzake asanafike pa za iye mwini. Akayamba kulankhula, musamudule ndi mawu oti "ukanabwezera" kapena "mwamuna salira". Ndipo musalonjeze kuti simuuza munthu, koma mulonjezeni kuti simuchita kanthu iye asakudziwa, chifukwa mantha ake aakulu ndi oti adzatchedwa kazitape n'kubwerera m'domitale yomweyo.

Ngati pali bala, kutupa kapena mkodzo wakuda, chipatala chikhale choyamba, sukulu pambuyo. Jambulani mabalawo ndi foni, lembani masiku ndi zimene mwana wanena m'mawu ake. Ngati mukufuna kuti mlandu uyende, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo kumeneko amapereka fomu yoti dokotala alembepo zimene wapeza. Mwana akagwiriridwa, mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndiye musadikire kuti Lolemba lifike. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana kapena kholo lingaimbe kuti lithandizidwe.

Kusukulu pitani ndi kalata, osati pakamwa pokha, ndipo sungani kope lake. Onanani ndi ahedi pamodzi ndi aphunzitsi a uphungu. Pemphani zinthu zomveka: kuti mwana asagone usiku wina pansi pa ulamuliro wa amene anamuzunza, kuti dzina lake lisaperekedwe kwa mapurifekiti, kuti ana ena a m'domitalemo afunsidwe mmodzimmodzi osati pagulu, ndi kuti mupatsidwe tsiku lodzamva zotsatira. Masukulu ena amafulumira kunena kuti, "Bwanji mungomusamutsa mwana wanu?" Nthawi zina kusamutsa kumafunikadi, makamaka mwana akasweka mtima kwambiri, koma dziwani kuti akachoka iye yekha, khoti ija ikhalabe ndipo mlungu wamawa iweruza mwana wina. Woyenera kuchoka m'domitalemo ndi wozunzayo. Ngati sukulu ikuzengereza, nkhaniyo ipite ku DEBS, ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu, ndipo ikakanika pamenepo, ku ofesi ya maphunziro ya chigawo ku Chipata.

Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pali mafunso amene ndi bwino kufunsa mwana asanavulale. Kodi ana a Fomu 1 amagona m'domitale yawoyawo temu yoyamba, kapena amasakanizidwa ndi akuluakulu? Ndi munthu wamkulu uti amene amagona pafupi moti angamve kulira, ndipo amayendera nthawi zosadziwika kapena nthawi imodzimodzi imene ana onse anailoweza? Chilango chimene purifekiti wapereka chimalembedwa m'buku liti, ndipo amaliwerenga ndani? Mwana amene akuopa angakanene kwa yani popanda kudutsa kwa purifekiti? Sukulu ikhoza kusunga usiku wa nyimbo, mayina oseketsa ndi mpira wa mazeze ndi akuluakulu, n'kupatsanso mwana aliyense watsopano wamkulu womuyang'anira amene wasankhidwa ndi aphunzitsi, dzina lake n'kulembedwa, ndipo iyeyo n'kumafunsidwa mlungu uliwonse kuti mwana wake wadya, wagona, ndipo katundu wake alipo.